Mayina asanu ndi limodzi amene ambiri timawadumpha

Munthu akatsegula buku la Imamu Bukhari pa tsamba loyamba, sakumana ndi mawu a Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) nthawi yomweyo. Amayamba wakumana ndi mayina. Uyu anatiuza, iyenso anati uje anamuuza, ujeyo anamva kwa wina, mpaka mayina asanu ndi limodzi, kenako m'pamene uthenga umabwera. Ambiri mayinawo timangowadumpha, ndipo mabuku ena omasulira amawachotseratu n'kungosiya dzina la swahaba yekha, kutanthauza mnzake wa Mtumiki amene anamva nkhaniyo. Koma amene wapatsidwa ntchito yolemba za momwe hadisi zimafufuzidwira, ntchito yake ili m'mayina omwewo.

Hadisi ili ndi magawo awiri. Uthenga weniweniwo umatchedwa matini. Mndandanda wa anthu amene anapatsirana uthengawo umatchedwa isinadi, ndipo ife pano tiziutcha unyolo. Hadisi yoyamba ya Bukhari ndi ija yodziwika ya niya, yophunzitsa kuti ntchito ya munthu imayesedwa ndi chitsimikizo cha mumtima mwake. Ndiyonso yoyamba m'kabuku ka hadisi makumi anayi ka Imamu Nawawi, choncho amene anakhalapo pa mphasa ya madrasa ayenera kuti anaimvapo. Ndaisankha chifukwa unyolo wake uli ndi chodabwitsa chimene anthu ochepa amachidziwa.

Tiwaone mayinawo kuchokera kwa mwini buku kubwerera m'mbuyo. Zaka zimene nditchule ndi za kalendala ya Chisilamu yoyambira pa Hijira, msamuko wa Mtumiki kuchoka ku Maka kupita ku Madina, chifukwa mabuku a mbiri za anthuwa amawerenga motero. Bukhari anabadwa mu 194 ndipo anamwalira mu 256, chomwe ndi chaka cha 870 pa kalendala yathu ya masiku onse. Iye anamva kwa Humaidi, shehe wa ku Maka amene anamwalira mu 219. Humaidi anamva kwa Sufiyani. Sufiyani anamva kwa Yahaya bin Saidi al-Ansari, ndipo Yahaya anamva kwa Muhammad bin Ibrahimu al-Taimi. Ameneyu anamva kwa Alikama bin Wakasi al-Laithi, amene anamva Umar bin Khatabu akulankhula pa mimbari, pamene khatibu amaima polalikira mumzikiti. Umar ndiye anamva kwa Mtumiki. Mtumiki anamwalira mu 11, choncho anthu asanu ndi mmodzi akunyamula uthengawu kwa zaka pafupifupi 200 usanafike m'makutu mwa Bukhari.

Sufiyani uti?

Funso loyamba limaoneka lachibwana, koma ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Kodi munthu aliyense mu unyolomu ndi ndani? Bukhari wangolemba kuti Sufiyani, osanena bambo ake. Koma akatswiri a hadisi otchuka a dzina limeneli analipo awiri m'zaka zomwezo: Sufiyani al-Thauri wa ku Kufa, amene anamwalira mu 161, ndi Sufiyani bin Uyaina, amene anakhazikika ku Maka n'kumwalira mu 198. Chovuta china n'chakuti onse awiri anaphunzira kwa Yahaya, ndipo onse awiri anainena hadisi yomweyi. Kuyang'ana mphunzitsi sikuthandiza. Chimene chimathandiza ndi kuyang'ana wophunzira. Humaidi anali wa ku Maka ndipo anakhala pa mapazi a Ibin Uyaina zaka zambiri, moti amawerengedwa ngati mmodzi wa odziwa bwino hadisi zake. Humaidi akati Sufiyani, ndi Ibin Uyaina basi. Pamalo ena m'buku lomwelo, Bukhari akuibweretsa hadisiyi kudzera kwa Muhammad bin Kathiri kuchokera kwa Sufiyani, ndipo pamenepo ndi al-Thauri, chifukwa Ibin Kathiri ameneyo anali wophunzira wake.

Dzina la Yahaya bin Saidi nalonso lili ndi msampha. Kuli wina, al-Katani wa ku Basira, amene anamwalira mu 198. Munthu akasokoneza awiriwa amadzipeza akufufuza mbiri ya munthu wolakwika, ndipo zonse zimene alembe pambuyo pake zimakhala zomanga pa mchenga. Mwamwayi Bukhari pano watchula fuko, kuti ndi al-Ansari, woweruza milandu wa ku Madina amene anamwalira cha mu 143.

Zonsezi sizifuna kulota. Pali mabuku olembedwera ntchito yomweyi. Lalikulu ndi Tahadhibu al-Kamali la al-Mizi, amene anamwalira mu 742. Pansi pa dzina la munthu aliyense limandandalika aphunzitsi ake, ophunzira ake, chaka chimene anamwalira, ndi zimene akatswiri ananena za iye. Ibin Hajari, amene anamwalira mu 852, analifupikitsa, kenako n'kulembanso lina lalifupi zedi, Takiribu, limene limaweruza munthu m'mawu ochepa. Woyamba kumene amakonda Takiribu chifukwa n'losavuta, koma chigamulo cha mzere umodzi chimabisa mkangano umene unali kumbuyo kwake, monga tionere posachedwa.

Kodi anakumanadi?

Mukawadziwa anthuwo, funso lachiwiri ndi lakuti kodi aliyense akanatha kumva kwa amene akumutchulayo. Apa pamangofunika kuchotsera zaka. Ibin Uyaina anabadwa mu 107, Yahaya anamwalira cha mu 143, ndiye kuti anakhalira limodzi pa dziko zaka zoposa 30. Bukhari anafika ku Maka kudzachita Haji ali ndi zaka pafupifupi 16, cha mu 210, Humaidi akanali moyo. Al-Taimi anamwalira cha mu 120, ndipo iye ndi Yahaya onse anali a ku Madina. Alikama nayenso anali wa ku Madina, ndipo anamwalira mu ulamuliro wa Abudul Maliki bin Mariwani, umene unayamba mu 65 n'kutha mu 86. Umar anaphedwa mu 23. Palibe pamene pali dzenje loti wophunzira anabadwa mphunzitsi ali kale m'manda.

Koma kukhala m'nyengo imodzi si kumva. Tonse timadziwa anthu amene takhala nawo mu mzinda umodzi zaka makumi awiri osalankhulana nawo. N'chifukwa chake akatswiri ankayang'anitsitsa timawu tolumikiza mayinawo, timene womasulira amakonda kutisandutsa tonse kukhala "kuchokera kwa". M'Chiarabu timasiyana. Pali hadathana, kutanthauza kuti anatiuza. Pali akhibarani, anandidziwitsa. Pali samiitu, ndinamva ndi makutu anga. Timawu timeneti timanena poyera kuti anthu awiriwo analandirana uthenga. Ndiye pali kena kakafupi, ani, kamene kamangoti "kuchokera kwa". Kameneka sikalonjeza kanthu. Ine ndikhoza kunena kuti nkhani iyi ndi yochokera kwa amfumu pamene ndinaimva kwa wogulitsa nsomba pamsika, ndipo sindinaname, ngakhale ndabisa munthu mmodzi.

Kubisa kotereku kuli ndi dzina, tadilisi. Munthu amatchula shehe amene anakumanadi naye, koma nkhani imeneyo anaimva kwa wina amene sakumutchula, mwina chifukwa winayo ndi wofooka, mwina chifukwa ndi wamng'ono msinkhu ndipo akuchita naye manyazi. Akatswiri analemba mayina a anthu odziwika ndi khalidweli, ndipo lamulo n'lakuti wotere akanena ani, timadikira mpaka tipeze pamene wanena poyera kuti anamva. Ibin Uyaina ali m'gulu limeneli, ngakhale akatswiri ankamukhululukira chifukwa amene ankawadumpha anali odalirika okhaokha. Mu unyolo wathu nkhawayo palibe, pakuti iye akunena kuti Yahaya anawauza. Ndipotu kuyambira kwa Humaidi mpaka kwa Umar mulibe ani ngakhale mmodzi. Aliyense akuti anauzidwa kapena anamva.

Pamene Bukhari akuibwereza hadisiyi kudzera kwa Imamu Maliki, m'gawo la chikhulupiriro, unyolo womwewo wadzaza ndi ani kuyambira pa Maliki kubwerera m'mbuyo. Amene waona malo okhawo akhoza kuyamba kukayika. Amene waona onse awiri amadziwa kuti unyolo woyamba watsimikiza kale kumvako. Pa nkhani ya ani imeneyi ngakhale akuluakulu sanamvane. Imamu Muslim, m'mawu oyamba a buku lake, anaumirira kuti ngati anthu awiri odalirika anakhala m'nyengo imodzi, kukumana kunali kotheka, ndipo wonenayo sadziwika ndi tadilisi, n'kokwanira. Ena, ndipo Bukhari amatchulidwa pakati pawo, ankafuna umboni woti awiriwo anakumanapo ngakhale kamodzi.

Mawu a Ahmad pa al-Taimi

Funso lachitatu ndi la munthuyo payekha, ndipo lili pawiri: kodi anali wolungama, wosanama? Nanga ankasunga bwino zimene wamva, pamtima kapena m'buku? Munthu akhoza kukhala woswali usiku wonse koma woiwalaiwala, ndipo akatswiri sankachita manyazi kukana hadisi za anthu oopa Mulungu otere.

Anthu onse mu unyolo wathu amaweruzidwa kuti ndi thika, odalirika. Koma mukatsegula mbiri ya Muhammad bin Ibrahimu al-Taimi mupeza kanthu kododometsa. Ibin Maini, Abu Hatimu ndi Nasai anati ndi wodalirika. Ahmad bin Hambali, munthu wosapepuka m'nkhanizi, ananena kuti m'hadisi zake muli zina za munkari. Kwa akatswiri a m'mbuyo muno, munkari ndi hadisi yokanidwa. Wophunzira wofulumira akhoza kulemba kuti Ahmad anamukana al-Taimi, n'kugwetsa hadisi yoyamba ya Bukhari ndi chiganizo chimodzi. Ibin Hajari anafotokoza kuti Ahmad nthawi zina ankagwiritsa ntchito liwuli ponena hadisi imene munthu wanena yekha popanda womuthandizira, osati kuti ndi yabodza. Mawu a oweruzawa anasintha tanthauzo m'kupita kwa zaka, ndipo aliyense anali ndi kalankhulidwe kake. Ena ankadziwika kuti ndi okhwimitsa, ena ofewa. Choncho polemba musangowerenga manja kuti atatu akuvomereza mmodzi akukana. Nenani amene ananena, liwu limene anagwiritsa ntchito, ndi chimene liwulo linkatanthauza pakamwa pake.

Ndipo Ahmad sanalakwe kuti al-Taimi ankanena zina yekha. Hadisi yomweyi ndi umboni.

Mtengo wopanda nthambi m'munsi

Unyolo umodzi suweruzidwa pawokha. Muyenera kusonkhanitsa njira zonse zimene hadisiyo inadzera, n'kuzijambula pa pepala limodzi, Mtumiki pansi, eni mabuku pamwamba. Bukhari yekha anaibweretsa hadisi ya niya malo asanu ndi awiri, kudzera kwa Ibin Uyaina, Maliki, al-Thauri, Hamadi bin Zaidi ndi Abudul Wahabu al-Thakafi. Ili kwa Muslim, kwa Abu Daudi, Tirimidhi, Nasai ndi Ibin Maja. Mukamajambula muona mizere yambirimbiri ikutsika kuchokera pamwamba, koma yonse ikukathera pa munthu mmodzi, Yahaya bin Saidi. Pansi pa Yahaya pali mzere umodzi wokha: al-Taimi yekha, Alikama yekha, Umar yekha. Chithunzicho chimafanana ndi mgwalangwa, thunthu lalitali lopanda nthambi, masamba onse n'kuyanga pamwamba.

Apa m'pamene pali chodabwitsa chija. Hadisi imene mwana aliyense wa madrasa amaidziwa, imene Umar anainena pa mimbari pamaso pa khamu, yatifika m'njira yotsimikizika kudzera mwa munthu mmodzi mmodzi kwa mibadwo inayi. Hadisi yotere imatchedwa gharibu, yayokha. Si chitonzo, ndi kufotokoza maonekedwe chabe. Hadisi ikhoza kukhala gharibu n'kukhalanso sahihi, yotsimikizika, ngati munthu mmodziyo ali wodalirika. Chimene simungalembe n'chakuti ndi mutawatiri, ija yonenedwa ndi unyinji wa anthu pa m'badwo uliwonse. Kutchuka kwake kunayambira pa Yahaya. Ena anati anthu oposa 200 anaimva kwa iye, ena anakweza mpaka 700. Ibin Hajari anakayikira chiwerengero chachikulucho, ponena kuti iye anazisakasaka njirazo kuyambira pamene anayamba kuphunzira hadisi koma sanakwanitse ngakhale 100. Ndimaukonda mtima umenewo. Anapatsidwa nambala yokoma kuinena pagulu, iye n'kupita kukawerenga yekha.

Kujambulako kumaululanso zolakwika zimene simungazione pa unyolo umodzi. Pali njira ina ya hadisi yomweyi imene ikuoneka ngati nthambi yophukira pansi pa thunthu. Abudul Majidi bin Abudul Azizi bin Abi Rawadi anainena kuchokera kwa Maliki, kwa Zaidi bin Asilamu, kwa Ata bin Yasari, kwa swahaba Abu Saidi al-Khudiri. Yang'anani dzina lililonse: Maliki ndi imamu, Zaidi analidi mphunzitsi wa Maliki, Ata analidi mphunzitsi wa Zaidi ndipo anamvadi kwa Abu Saidi. Zaka zikugwirizana. Woyamba kumene angasangalale kuti wapeza mboni yachiwiri yosadzera kwa Umar. Akatswiri monga Darakutini ndi Khalili anati ndi kulakwitsa. Anadziwa bwanji? Ophunzira ena a Maliki, amene anakhala naye kwambiri monga al-Kaanabi, ananena kuti Maliki anaimva kwa Yahaya bin Saidi. Abudul Majidi yekha ndiye anapatuka. Njira ya Maliki, Zaidi, Ata inali yopondedwa kawirikawiri m'hadisi zina, choncho n'zosavuta kuona momwe lilime likanatererekera m'kanjira kozolowereka. Matini ndi oona, anthu ake ndi enieni, koma unyolowo sunachitike. Chilema chobisika chotere chimatchedwa ila, ndipo sichioneka pokhapokha mutaika njira zonse pamodzi. Ibin Salahi, amene anamwalira mu 643, pofotokoza hadisi ya sahihi anatchula zinthu zisanu: unyolo wosaduka, anthu olungama, osunga bwino, kusasemphana ndi odalirika kuposa iwo, ndi kusakhala ndi ila. Zitatu zoyambazo mukhoza kuziyesa ndi mabuku a mbiri. Ziwiri zomalizazo zimafuna pepala lojambulapo lija.

Musaiwale kuyerekezanso matini. Pa malo oyamba a Bukhari, chigawo chonena za munthu wosamukira kwa Mulungu ndi Mtumiki wake mulibe, pamene m'njira ya Maliki chilimo. Kusiyana kotere n'koyenera kukulemba, chifukwa kumasonyeza kuti mawu ankatha kufupikitsidwa ngakhale unyolo uli wolimba.

Chimene mphanda imanena

Munthu ngati Yahaya, pamene njira zonse zimakumana, akatswiri a Chisilamu ankamutcha madari, pozungulira pa hadisi. Ife tingati ndi mphanda ya mtengowo. Pa mphanda imeneyi m'pamene ophunzira a ku mayunivesite a ku Ulaya anakangana kwambiri. Joseph Schacht, m'buku lake la 1950 lonena za chiyambi cha malamulo a Chisilamu, anaganiza kuti nthawi zambiri munthu wa pa mphandayo, kapena wina wogwiritsa ntchito dzina lake, ndiye anayambitsa hadisiyo, ndipo thunthu la pansi pake linangolumikizidwa pambuyo. G. H. A. Juynboll anapitiriza ganizoli. Muhammad Mustafa al-Azami analitsutsa mwamphamvu. Harald Motzki anatenga njira ina: anati tiyerekeze maunyolo ndi matini pamodzi, ndipo ngati ophunzira a munthu wa pa mphanda akusiyana pang'ono m'mawu motsatira nthambi zawo, ndiye kuti analandiradi kwa iye, komanso n'kutheka kuti iyeyo anali wosonkhanitsa hadisi, osati wopeka.

Wolemba nkhani ya kusukulu sakakamizidwa kuthetsa mkanganowu, koma ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kuchuluka kwa nthambi kukusonyeza mosakayikitsa kuti Yahaya ankaphunzitsa hadisiyi chaka cha 143 chisanafike. Pamenepa Msilamu ndi wokayikira angagwirizane. Kuchoka pa Yahaya kubwerera kwa Umar, umboni wasintha mtundu: sukutsamiranso pa unyinji, ukutsamira pa kudalirika kwa anthu atatu a ku Madina, Yahaya, al-Taimi ndi Alikama. Akatswiri a hadisi anawayesa ndi miyeso yawo n'kuwavomereza, ndipo potero hadisiyi ndi sahihi kwa iwo popanda mkangano. Wotsatira Schacht anena kuti chithunzi chokha sichingatsimikize gawo limenelo. Ine ndikuona kuti kukayikira munthu kokha chifukwa chakuti njira zakumana pa iye n'kopanda mphamvu, pakuti mphunzitsi aliyense wotchuka amakhala mphanda ya zimene anaphunzitsa. Koma ndikuonanso kuti amene amalemba kuti hadisiyi inanenedwa ndi mazanamazana kuchokera kwa Mtumiki wanena chimene unyolo sunanene.

Mukakhala pansi kuti mulembe, tengani hadisi imodzi yokha, osati khumi. Lembani unyolo wake wonse pamodzi ndi timawu tolumikiza tija, ndipo ngati muli ndi buku lomasulira limene linadula mayina, pemphani shehe kapena mphunzitsi wodziwa Chiarabu akuwerengereni m'buku la Chiarabu. Pa hadisi ya niya, chiganizo chimene umboni ukuchilola ndi ichi: unyolo wa Humaidi ndi wosaduka, anthu ake ndi odalirika, ndi gharibu kuyambira kwa Umar mpaka kwa Yahaya bin Saidi, inafalikira kuchokera pa Yahaya, ndipo njira yodzera kwa Abu Saidi al-Khudiri ndi yolakwika.